Kukonza Mtundu Kaye, Kukometsera Pambuyo

"Mu pulogalamu yokonzera mavidiyo ya DaVinci Resolve ndiyambe chiyani, kukonza mitundu kapena kuikometsera?"

Yambani ndi kukonza, ndiko kubwezera chithunzi mmene diso linaonera. Choyamba kuwala: pa Waveform, chida choonetsa muyezo wa kuwala, Lift itsitse mdima kufupi ndi 0, Gain ikweze zowala osapyola 1023. Kenako zoyera ziyere. Diresi la mkwatibwi likaoneka lachikasu chifukwa cha mababu a m'holo, sunthani Temp, yomwe imawonjezera chikasu kapena buluu, mpaka mizere itatu ya Parade, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ifanane pa diresipo. Maso okha musawadalire, amazolowera msanga. Mukatero fananitsani makamera onse.

Kukometsera, monga kupatsa ukwati wonse kafundidwe ka dzuwa lamadzulo, kubwere pomaliza, pa Node yakeyake, ndiko kuti gawo lapadera losinthirapo mitundu. Mukayambira kumeneko, LUT imodzimodziyo, fayilo ya mitundu yokonzeratu, idzafiiritsa nkhope pa kamera ina, pa inzake n'kuzibiriwitsa.