Momwe Mungafufuzire Ndalama Zopatulidwa pa Ngongole Zokayikitsa

Ndalama zimene kampani imapatula m'mabuku poopa kuti angongole ena sadzabweza zilibe lisiti, chifukwa zimachokera m'maganizo a oyang'anira kampaniyo. N'chifukwa chake muyezo wa oditi wa ISA 540 umalamula odita, yemwe ndi wofufuza mabuku a ndalama a kampani, kufufuza mmene chiwerengerocho chinapezekera komanso ngati sichikukondera mbali imodzi.

Tiyerekeze sitolo yaikulu ya pa boma pa Mangochi imene imakongoza maukonde ndi zipangizo za injini kwa asodzi a ku Makanjira ndi ku Malindi. Potseka chaka, asodzi ali ndi ngongole ya K80 miliyoni, ndipo oyang'anira apatulapo K4 miliyoni.

Yambani ndi mndandanda wosonyeza kutalika kwa nthawi imene ngongole iliyonse yakhala, koma musaukhulupirire musanauyerekeze ndi mainvoisi enieni ndi zikalata zoperekera katundu. Apa m'pamene chinyengo chimakonda kubisala: invoisi ya mu Malichi imafafanizidwa n'kulembedwanso ndi deti la mu Novembala, ngongole yakale n'kuoneka ngati yadzulodzulo. Mukaona invoisi yatsopano imene ndalama zake zikufanana ndendende ndi ina yofafanizidwa, pomwe palibe katundu amene anatuluka m'sitolo, mwachipeza.

Kenaka bwererani m'mbuyo. Ngati chaka chatha anapatula K3 miliyoni koma ngongole zimene zinafadi zinakwana K7 miliyoni, ndipo chaka chinacho zinalinso chimodzimodzi, kumeneko sikuphonya wamba, pakuti wophonya moona mtima nthawi zina amapitirira, nthawi zina amaperewera. Ndimaona kuti gawo limeneli ndilo lofunika kuposa onse, ngakhale ambiri amalithamangira. Funsaninso kuti phindu likakwera apindule ndani, chifukwa mwina bwana akudikira bonasi kapena sitolo ikufuna ngongole ku banki. Kukondera kumalowanso kwina: chaka chokoma ena amapatula zambiri dala kuti adzazibweze ngati phindu chaka chikadzavuta.

Tsopano onani zimene zalowa chaka chitatsekedwa. Tinene kuti ngongole zopitirira masiku 90 ndi K12 miliyoni, ndipo patatha miyezi itatu zabwezedwa K2 miliyoni zokha. Oyang'anira adzanena kuti asodzi amachedwa kulipira nyanja ikatsekedwa, ndipo n'kutheka kuti akunena zoona, koma apempheni malisiti a zaka zam'mbuyo osonyeza kuti anthu omwewo anabwezadi nyanja itatsegulidwa. Muyezo wa kalembedwe ka mabuku a ndalama wa IFRS 9, umene unayamba kugwira ntchito mu 2018, umafunanso kuti oyang'anira aganizire zakutsogolo, monga kukwera kwa mtengo wa mafuta kumene kumadya phindu la msodzi.

Pomaliza werengerani nokha. Umboni ukasonyeza kuti zoyenera kupatula zili pakati pa K8 miliyoni ndi K10 miliyoni, ndiye kuti mabuku alakwika ndi ndalama zosachepera K4 miliyoni, ndipo muzilembe pamndandanda wa zolakwika zoti oyang'anira akonze musanasayine lipoti.