Momwe mungaopsezere anthu mufilimu popanda kuonetsa chilombo

Musanagwire foni, yambani mwadziwa chimene chilombo chanu chikuimira, chifukwa malamulo ake amachokera pamenepo. Ife kuno ku Ulongwe, ku Mozambique, tinasankha mabomba okwirira. Nkhondo itatha mu 1992, anthu anabwerako ku Dedza ndi ku Ntcheu n'kupeza minda ili pomwepo koma nthaka yosadalirika, ndipo boma linadzalengeza mu 2015 kuti mabombawo atha m'dziko muno. Ndiye chilombo chathu tinachipatsa malamulo awiri basi: chimakhala pansi, ndipo chimatenga yekhayo amene wapatuka m'njira. Mufilimu yonse palibe wotchula bomba. Agogo akangouza mdzukulu kuti "Uziponda momwe ndapondamo ine," akuluakulu amamva okha.

Kenako onetsani zimene chachita, osati icho. Khasu lili m'mzere mwini wake palibe, mbuzi ikukana kudutsa pamalo poyera. Kamera itsike kumapazi. Mufilimu ya Jaws ya 1975, shaki yamakina inkawonongekawonongeka, ndiye nthawi zambiri anthu amangoona migolo yachikasu ikuyenda pamadzi, n'kudzijambulira okha chilombocho m'mutu. Mudzasunganso mametikali ogulira chigoba. Ndipo musayese kubwereka za gule, mudzaitanidwa kubwalo.

Pamene panativuta ndi pa mawu. Chilombo chosaoneka chimakhala m'khutu, ndiye mawu akafa, chafanso. Tinajambula mu Julaye mwera ukuwomba, ndi kamaikolofoni kogula kwa wamalonda wina pamsika amene analumbira kuti n'koyambirira. Pofika kunyumba munali mphepo yokhayokha. Yesani chinthucho pafoni yanu musanalipire, ndipo kumunda muzimvetsera ndi mahedifoni pomwepo.

Mawu ajambuleni padera usiku mphepo itadeka, maikolofoni mutaikulunga ndi siponji. Tengani mphindi yathunthu ya nkhululu ndi achule, muiyale pansi pa chithunzi chonse mpaka woonera aiiwale. Mwana akatsala pang'ono kuponda kunja kwa njira, idulani masekondi atatu. Thupi la munthu wakumudzi limadziwa kuti tizilombo tikangoti zii, pali chimene chayandikira. Koma musachotse zonse, siyani kupuma kwa mwanayo, apo ayi anthu aziganiza kuti foni yazima mawu. Kugunda kwa pansi tinakupanga ndi musi mumtondo, n'kukuchedwetsa. Chenjerani apa: sipika ya foni siitulutsa mawu okhuthala kwambiri, ndipo ambiri adzaonera pafoni. Mukapanda kukumva pafoni yotchipa, onjezerani kuphwanyika kwa mapesi ouma.

Zotsalazo n'zachidule. Lumikizani zithunzi ndi mawu mu pulogalamu ya CapCut, chilombo chigwire munthu kamodzi kapena kawiri kokha, ndipo kumapeto musagonje n'kuchionetsa. Muonetseni munthu amene sanali nawo pojambula. Akafunsa kuti "Chinali chiyani?" zili bwino. Akafunsa kuti "Chachitika n'chiyani?" ndiye kuti malamulo aja sanamveke, bwererani pa mawu a agogo aja muwaike koyambirira.