Mmene ndinadziwira tsiku lenileni pamene foni, kompyuta ndi seva zinasemphana

Pa ofesi yathu ku Chipata, foni inkasonyeza 01:10 pa 1 Juni, seva, kompyuta imene pulogalamu yathu ya malisiti imayendera nthawi yake, inkalemba 23:10 pa 31 Meyi, pomwe kompyuta yakale inkanena chaka cha 2009. Funso linali lakuti malisiti alowe m'mwezi uti.

Kompyuta sindinachedwe nayo, chifukwa batire laling'ono la CR2032 la m'kati mwa kompyuta likatha mphamvu, wotchi yake imabwerera kumbuyo magetsi akazima.

Seva ndiyo inafuna kuganizira. Mphindi zake zinkafanana ndi za foni, ndipo kusiyana kunali maola awiri ndendende, zomwe zimasonyeza kuti wotchi ndi yolondola koma ikuwerengera nthawi ya dera lina. Kuti ndione nthawi imene seva ikutsatira, ndinalemba lamulo ili pa sevayo:

```
timedatectl
```

Mzere wa `Time zone` unasonyeza UTC, nthawi imene mayiko onse amawerengerapo nthawi zawo, ndipo `System clock synchronized` unali `yes`, kutanthauza kuti wotchiyo inali yolondola. Dziko la Zambia lili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, choncho kuyambira pakati pa usiku mpaka 02:00 sevayo imakhala idakali pa dzulo. Tsiku lenileni linali 1 Juni.

Wotchi ya seva sindinaisunthe. Ndinangouza pulogalamu ya malisiti kuti izitsatira `Africa/Lusaka`, ndipo batire la kompyuta ndinasintha kutacha.