Wotchi Yoyenera Dzanja Langa Laling'ono

Wotchi yomwe ndinagula m'tauni kuno ku Joni inali ya mamilimita 40 m'lifupi mwake, koma inkapendekekabe pamkono ngakhale ndinkamanga lamba mpaka pabowo lomaliza. Nditaivala n'kuyang'ana cham'mbali, ndinaona kuti timiyendo tomwe timagwira lamba tinkapitirira dzanja langa, ndipo lambayo ankatsika molunjika m'malo mozungulira mkono.

Ndinayeza mkono ndi tepi ya telala pamwamba pang'ono pa kafupa kotuluka kaja, ndipo ndinapeza masentimita 15. Kenako ndinaika rula pamwamba pa mkono, pomwe wotchi imakhala, ndipo m'lifupi munali mamilimita 47 okha, pamene wotchiyo, kuchokera nsonga ya kamwendo kakumtunda kufika nsonga ya kakumunsi, inali mamilimita 50. Nambala imeneyi ogulitsa ambiri satchula, chonsecho ndi imene inandipweteketsa.

Ndinapita ndi rulayo kusitolo n'kusankha wotchi ya mamilimita 36, yotalika mamilimita 43, yomwe timiyendo take n'topindikira pansi. Tsopano mbali iliyonse kumatsala mamilimita awiri, ndipo wotchiyo sitembenukanso ndikamagwira ntchito.