Katundu anasiya kusowa titaika maadiresi pa mashelefu

Mu Novembala, nthawi ya mbewu ndi feteleza, nyumba yathu yosungiramo katundu ku Salima kuno inkatipweteka mutu. Buku linkati makatoni 12 a mbewu ya chimanga alipo, koma anyamata ankatha mphindi 20 akufunafuna, galimoto ya ku Chipoka ikudikira panja. Tinadzawapeza mu Febuluwale kuseri kwa matumba, anthu atabzala kalekale.

Vuto silinali kuba ayi. Aliyense ankaika katundu pomwe wapeza mpata, malowo n'kuwasunga m'mutu mwake.

Ndinapatsa malo aliwonse adiresi yakeyake, mwachitsanzo B-04-2. Chilembocho ndi kanjira, 04 ndi chigawo chachinayi kuwerengera kuchokera pakhomo, ndipo 2 ndi shelefu yachiwiri kuchokera pansi. Kuyambira pansi n'kwabwino chifukwa mukadzawonjezera shelefu pamwamba, manambala akale sasintha. Ziro wa kutsogoloyo musamusiye, apo ayi kompyuta posanja imaika 10 patsogolo pa 2.

Poyamba ndinalakwitsa, ndinalemba maadiresi pamakatoni. Katoni ikachoka, adiresi inkapita nayo! Tsopano timalemba ndi penti pa thabwa la shelefu, pansi pa katunduyo, chifukwa mapepala omata ankamatuka ndi kutentha kwa kuno.

Katundu wotuluka tsiku lililonse ali m'kanjira A, pafupi ndi khomo. Wolandira katundu amalemba adiresi m'buku asanachoke pashelefupo, ndipo Lachisanu lililonse timawerenga kanjira kamodzi n'kuyerekeza ndi buku.