A MRA akubwera kudzaona mabuku

"Ndili ndi golosale pa Luchenza. A MRA andilembera kalata kuti adzaona mabuku anga. Ndikonze chiyani?"

Yambani ndi kalatayo, achimwene: onani msonkho ndi zaka zimene akufuna. Tsiku likakuthinani, pemphani lina polemba kalata.

Kenako sanjani malisiti ogulira ndi ogulitsira mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi masitetimenti a kubanki ndi a Mpamba kapena Airtel Money. Apa ndi pogona nkhani: amafananitsa zolowa ndi zimene munalengeza. Ngati munalengeza K3,000,000 koma kubanki kunalowa K4,000,000, adzafunsa za K1,000,000 yotsalayo. Kaya inali ngongole, kaya ya tiyi wa kumunda kwanu, pezani pepala lake, apo ayi angaiyese malonda obisidwa.

Lisiti lotayika musapeke. Kapempheni kope kwa amene anakugulitsani. A MRA akatenga mabuku, alembe zimene atenga ndipo asayine.