Kusankha ndi kuika fani ya m'bafa kuti chuku chisamere

Werengani izi musanaboole chipupa. Fani yaing'ono, kapena yoikidwa pamalo olakwika, imangolira pamene nthunzi ikutsala m'chipinda, kenako siling'i ndi mipata ya matailosi zimada ndi chuku.

Yambani ndi kuyeza bafa. Chulukitsani utali, mulifupi ndi msinkhu wa chipinda m'mamita. Bafa la mamita 2.5 ndi 2, lokhala ndi siling'i pa mamita 2.6, lili ndi mpweya wokwana makyubiki mita 13. Mpweya wa m'bafa losambiramo madzi otentha uyenera kusinthidwa pafupifupi ka 8 pa ola, choncho 13 × 8 = 104. Mukufuna fani yomwe pabokosi pake alemba 104 m³/h, kutanthauza makyubiki mita 104 pa ola, kapena kuposerapo. Mafani ambiri a pakamwa pa mamilimita 100 amathera cha m'ma 90, ndiye pabafa limeneli tengani ya mamilimita 125 kapena 150. Mabokosi ena amalemba l/s; nambala imeneyo muichulukitse ndi 3.6. Akalemba CFM, chulukitsani ndi 1.7. Ngakhale bafa likhale laling'ono motani, musagule yochepera 15 l/s, yomwe ndi 54 m³/h.

Koma nambala ya pabokosi amayeza fani ilibe paipi. Yotchipa ija ya mapiko ngati a fani ya patebulo imagwira bwino ikangoboola chipupa n'kutulukira panja. Mukailumikiza ku paipi ya mamita atatu yokhala ndi makona awiri, mphamvu yake imagwa kwambiri. Pamenepo funsani fani yokhala pakati pa paipi m'denga, yomwe anaipangira kukankha mpweya mtunda wautali. Paipi ikhale yosalala mkati, yofanana kukula ndi pakamwa pa fani, ndiponso yopendekera pang'ono kunja kuti madzi odontha asabwerere ku injini. Mapaipi amakwinya aja, akalendewera, amasunga madzi m'mimba mwake.

Paipi isathere m'denga. Izi ndikuzinena mwamphamvu chifukwa nyumba zathu zambiri ndi za malata, ndipo amisiri ena amangoboola siling'i n'kusiya fani ikupumira m'mwambamo. M'mawa wa mu Juni kapena Julaye malata amakhala ozizira, nthunzi ikawagunda imasanduka madzi, amene amadonthera pa matabwa ndi pa siling'i. Mudzazindikira ndi mabanga ofiirira ozungulira, bolodi n'kuyamba kufutuka. Tulutsani paipi kunja kwenikweni, ndipo kumapeto kwake kukhale kachitseko kotsekeka kokha, koletsa mvula, mphepo ndi udzudzu.

Malo a fani ndi m'mwamba, pasiling'i kapena pachipupa pafupi ndi siling'i, kufupi ndi shawa, kutali ndi chitseko. Cholinga n'chakuti mpweya wouma ulowere kuchitseko, udutse chipinda chonse, utole nthunzi, ndiye utuluke. Mukaiika pamwamba pa chitseko kapena pambali pa zenera lotsegula, imakoka mpweya wongolowa kumene n'kuutulutsa pompo, kona ya shawa n'kutsala yonyowa. Pansi pa chitseko pakhale mpata wa mamilimita 10. Ngati chitseko chikukhudza matailosi, chipaleni, chifukwa fani singatulutse mpweya pamene mpweya wina sukulowa.

Za magetsi, itanani katswiri. Fani yokhala pamwamba pa shawa kapena beseni losambiramo, mpaka mamita 2.25 kuchokera pansi, ikhale yolembedwa IPX4 kapena kuposa, kutanthauza kuti madzi othovukira kuchokera mbali iliyonse sangaiwononge. Waya wake udutsire pa chodula magetsi cha RCD cha 30 mA. Musaike fani m'chipinda momwe muli giza ya gasi yopanda chumuni chotsekedwa bwino, chifukwa ikhoza kukokera utsi wakupha m'chipindamo.

Ngati mungakwanitse, gulani yokhala ndi taima, imene imapitiriza kuzungulira kwa mphindi 15 mutazimitsa nyale. Nthunzi yambiri imatsala pazipupa munthu atatuluka, ndipo m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, zipupa zimachedwa kuuma. Taimayo imafuna waya wina wamoto wosadutsa pa swichi, choncho muuzeni katswiri asanatseke zipupa. Malaiti akapita, tsegulani zenera ndipo pukutani matailosi ndi nsalu mukamaliza kusamba.

Kuti mudziwe ngati ikukoka, tsekani chitseko ndi zenera, yatsani fani, ikani kapepala ka m'chimbudzi pakamwa pake. Kakamatirira, mpweya ukuyenda. Kakagwa, tsegulani chitseko pang'ono. Kakamatirira tsopano, vuto ndi mpata wa pansi pa chitseko. Kakagwabe, onani ngati paipi yapindika kapena kachitseko ka kunja kakanirira. Chuku chomwe chamera kale fani sichotsa: chitsukeni ndi madzi osakaniza bulichi, zenera lili lotsegula, chipupa chiume musanapake penti. Miyezi itatu iliyonse zimitsani magetsi, chotsani chivundikiro, mupukute fumbi pamapiko.